Jambulani kope lokhala ndi zolakwa zake

Teremu yapitayi ndinalembera makolo a ana anga a Fomu 2 kalata ya tsamba limodzi. Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale yoyendera, kumene buku limodzi amagawana ana angapo ndipo silituluka pasukulu. Foni sitilola m'kalasi, koma kunyumba zambiri iliko, kaya ya bambo, ya mayi kapena ya achimwene, ndipo homuweki yambiri tsopano imadutsira mmenemo. Chinandikakamiza kulemba ndi zimene ndinaona tsiku lina Lolemba ndikuchonga makope.

Pa funso lina, makope asanu ndi awiri anali ndi cholakwa chofanana ndendende. Pamene panayenera kukhala 17, onse analemba 11. Mizere yonse ya pamwamba inali yolondola, ndipo palibe njira iliyonse ya masamu imene ikanabala 11 pamenepo. Nditafunsa modekha, zinaululika kuti mtsikana wina wakhama anajambula ntchito yake Lamlungu madzulo n'kutumizira mnzake amene anadwala. Chithunzicho chinayenda foni ndi foni. Anachijambula ndi kuwala kwa kandulo, choncho 7 ankaoneka ngati 1, ndipo ana asanu ndi awiri anakopera chimene maso awo anaona osadzifunsa ngati chikumveka.

Aphunzitsi anzanga ena anati tingouza makolo kuti alande mafoni. Ine sindinavomere, chifukwa foni yomweyo yandithandiza kwambiri. Mwana akajomba chifukwa cha malungo kapena maliro, ndimajambula zimene ndalemba pabolodi n'kutumizira makolo ake, ndipo akabwera sayambira kutali. Mafunso a m'buku limene sangapite nalo kunyumba amamupeza pa WhatsApp. Chimene ndinaona kuti makolo ayenera kudziwa ndi chakuti chithunzi chimathandiza kapena kuwononga malinga ndi nthawi imene chajambulidwa komanso chimene chajambulidwacho. Kalata yonse inagona pamenepo.

Nditapereka moni, ndinalemba kuti: "Mwana wanu asajambule funso lopanda kanthu pansi pake pofuna yankho. Ayambe wayesa yekha kwa mphindi 15 ndi cholembera m'manja, foni ili kwa inu. Akakanika, ajambule tsamba lonselo, ndi zolakwa zake zomwe, osafufuta kanthu." Mawu akuti osafufuta ndinawadula mzere kunsi, ndipo ndi amene makolo ambiri anadabwa nawo. Tinazolowera kuti kope labwino ndi laukhondo, lopanda zokhwatchakhwatcha. Koma kwa mphunzitsi, pamene mwana wakhwatcha ndi pamene pali nkhani, chifukwa ndi pamene maganizo ake anapunthwa.

Nditenge funso lomwe lija kuti muone chimene ndikutanthauza. Linali lakuti apeze x mu 3(x − 4) = 2x + 5. Mnyamata wina amene sanalandire chithunzi chija analemba mzere wake wachiwiri motere: 3x − 4 = 2x + 5, ndipo anapeza kuti x = 9. Yankholi ndi lolakwika, koma kope lake linandiuza zambiri kuposa makope asanu ndi awiri aja. Linandisonyeza kuti amadziwa kusonkhanitsa ma x mbali imodzi ndi manambala mbali inayo, ndipo apo sanaphonye. Chimene chinamusokoneza ndi chimodzi chokha: anachulukitsa 3 ndi x, n'kuiwala kuti 3 yemweyo ayenera kuchulukitsanso 4 amene ali m'mabulaketi. Mzerewo unayenera kukhala 3x − 12 = 2x + 5, ndipo pamenepo x = 17.

Mwana ngati ameneyu akanditumizira chithunzi cha tsamba lake, sindimupatsa 17. Ndimamuyankha ndi funso lalifupi, monga lakuti ayang'anenso mzere wachiwiri aone ngati 3 wagwira aliyense wa m'mabulaketi. Kenako ndimamuuza abwezere yankho lake m'funso. Akaika 9, kumanzere apeza 15 ndipo kumanja apeza 23, ndiye aona yekha kuti mbali ziwirizo sizikufanana. Akaika 17, mbali zonse zipereka 39. Kubwezera kotereku sikufuna foni, sikufunanso mphunzitsi, ndipo ana asanu ndi awiri aja akanachita zimenezi ndi 11 wawo akanapeza 21 kwina, 27 kwina, n'kuzindikira kuti akopera bodza.

Taganizani tsopano mnyamata yemweyo atajambula funso lokhalokha asanayese. Mchimwene wake wa ku koleji akanamutumizira mizere yonse yolondola. Kapena akanatsegula pulogalamu ya pafoni ngati Photomath, imene imawerenga funso la masamu pa kamera n'kutulutsa yankho pamodzi ndi njira yake. Akanakopera bwinobwino, ine n'kumuchonga kuti wakhoza, ndipo tonse awiri tikanapitirira osadziwa kuti mabulaketi amamuvuta. Vutolo likanamudikira mu Fomu 3, kumene mabulaketi amabwera awiriawiri, ndipo likanadzaonekera poyera pa mayeso a JCE kapena a MSCE, kumene a MANEB salola foni kulowa m'chipinda cha mayeso. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Yankho lokhala mufoni lili pachala.

Sindinaletse mapulogalamu amenewa m'kalata muja, chifukwa ndikudziwa kuti sindingawalondere m'nyumba za anthu. Ndinangowaika kumapeto kwa ndondomeko. Mwana akamaliza ntchito yake ndi kuijambula, akhoza kuyerekeza yankho lake ndi la mufoni. Ngati zasiyana, afufuze mzere umene zasiyanirana, alembe m'mphepete mwa tsamba ndi mawu ake chimene anaphonya, kenako atseke foni ndi kuwerengera funso lina lofanana nalo. Pa nkhani ya mabulaketi ija, funso lotere lingakhale 2(x − 3) = x + 4. Akapeza 10 popanda kusuzumira paliponse, ndiye kuti wamva. Akakanika, ndiye kuti anangoona ndi maso, ndipo abwere nalo kusukulu mawa lake. Ndinachenjezanso kuti mapulogalamuwa amalakwitsa kuwerenga zolemba pamanja monga momwe ana aja analakwitsira, ndipo nthawi zina amagwiritsa njira imene mwana sanaiphunzire. Ndikaona m'kope la Fomu 2 njira imene sindinaphunzitsepo, yolembedwa mwaukhondo popanda kukhwatcha ngakhale pamodzi, ndimamuitana mwanayo kuti andifotokozere, ndipo kawirikawiri amangoyang'ana pansi.

Pamsonkhano wa makolo, mayi wina anaimirira n'kunena mosabisa kuti iwo sukulu analekeza Sitandade 5, ndiye x angamudziwire kuti. Funso lawo linali loyenera, ndipo linandisonyeza kuti kalata yanga inaperewera. Ndinawayankha kuti safunika kudziwa x. Iwo ali ndi foni ndipo amaona nthawi, choncho mphindi 15 zija angazisunge ndi iwowo. Angayang'anenso tsamba lisanajambulidwe, chifukwa munthu aliyense amasiyanitsa tsamba loyera ndi tsamba limene wina walimbana nalo. Koposa zonse, angauze mwana kuti atseke kope n'kuwafotokozera m'Chichewa chimene wachita. Mwana amene wagwira yekha ntchito amalankhula, ngakhale mokakamira, ndipo amatchula pamene panamuvuta. Amene wakopera amafuna kutsegula kope, kapena amangobwereza mawu a Chingerezi amene sangawamasulire. Kholo limamva kusiyana kumeneku ngakhale silidziwa masamu, monga momwe limadziwira mwana amene wapitadi kuchigayo ndi amene watuma mnzake.

Mbali ina ya kalatayo inali ya kajambulidwe, chifukwa chithunzi chosaoneka bwino chimatha bandulo pachabe. Ndinapempha kuti azijambula kunja kukuwala, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, ndipo ngati ntchito yatha usiku adikire m'mawa. Kope ligone pamalo osalala, foni iyang'ane pansi molunjika kuti mizere isapendekeke, ndipo chithunzi chimodzi chikhale cha tsamba limodzi lathunthu, dzina ndi tsiku zikuoneka pamwamba. Pensulo yofooka siioneka, bolopeni ndiyo yabwino. WhatsApp imachepetsa chithunzi pochitumiza, ndipo timanambala ting'onoting'ono ta pamwamba, ngati 2 wa mu x², timasowa kapena timatsika n'kuoneka ngati x2. Kukanikiza HD musanatumize kumathandiza, ngakhale kumadya bandulo yochulukirapo. Asanatumize, mwana akulitse chithunzicho ndi zala awerenge mzere wotsiriza, ndipo ngati iye sakuuwerenga, inenso sindiuwerenga.

Ndinapemphanso zinthu ziwiri zoteteza ana. Chithunzi chikhale cha kope lokha, nkhope ya mwana isaonekemo. Ndipo ntchito yomalizidwa isaponyedwe pagulu la kalasi. Ibwere kwa ine kudzera pa nambala ya kholo, kholo likuona zimene tikulemberana, ndipo nthawi yake ikhale isanakwane 7 koloko madzulo. Pagulu timaikapo mafunso ndi zolemba za pabolodi basi. Mwana amene walakwitsa sayenera kusekedwa ndi anzake, ndipo amene wakhoza sayenera kusanduka likasa la kalasi yonse. Ngakhale zolemba za pabolodizo, mwana azilembe m'kope ndi dzanja lake tsiku lomwelo, chifukwa zithunzi zimene zimangounjikana mufoni palibe amaziwerenga, ndipo foni ikagwa m'madzi kapena achimwene akapita nayo ku Joni, notsi za teremu yonse zapita nawo.

Chinthu chimene chinandilemera polemba ndi ana amene kwawo kulibe foni yojambula, ndipo m'kalasi mwanga alipo ambiri. Sindikufuna kuti kholo ligulitse chimanga kapena mbuzi chifukwa cha kalata yanga. Ndinalemba momveka kuti palibe malikisi amene amaperekedwa chifukwa cha chithunzi, kuti homuweki yonse imalembedwa pabolodi ana asanaweruke, ndipo kuti kope lenileni ndi limene ndimachonga. Mwana wopanda foni amabwera ndi tsamba lake lomwelo m'mawa tisanalowe m'kalasi, ndipo amalandira funso lomwelo limene mnzake analandira pa WhatsApp. Amangochedwa ndi usiku umodzi.

Sindinganene kuti kukopera kunatha. Kulipobe, makamaka Lamlungu madzulo. Koma zithunzi zimene ndikulandira tsopano ndi za masamba akuda ndi zokhwatcha, ena ali ndi kamuvi kosonyeza mzere ndi mawu akuti apa ndi pamene ndasokonekera, aphunzitsi. Tsamba lotere ndimaliyankha m'mphindi ziwiri, ndipo ana asanu akasonyeza mzere womwewo ndimadziwa chimene ndiyambe nacho mawa m'kalasi.

Inu makolo ndi onse osunga ana a sekondale, mwana akabwera madzulo ano kudzabwereka foni chifukwa cha homuweki, musamukanize, koma muuzeni ayambe wabweretsa kope muone pamene wayesa.