Liwu limodzi, maphatikizo awiri

M'mabuku timalemba "mtengo" mofanana, kaya ndi wa mango kapena wa mchere pamsika. Koma khutu la wolankhula Chichewa silisokonezeka: wa mango ndi mténgo, liwu likukwera pa "te", pamene wa pamsika ndi mtengo, liwu lili pansi mpaka kumapeto. Kachizindikiro ka pamwamba pa lemboko kakusonyeza pamene liwu lakwera. Funso limene linavutitsa akatswiri a zilankhulo ndi lakuti: kodi kukweraku ndi kwa phatikizo limene tikukumvapo, kapena kumayenda pakokha?

Magulu a mayina a Chichewa akutithandiza kuyankha. Tengani gulu la ku-, la mayina opangidwa kuchokera ku aneni, monga kulima ndi kuphika. Mukauza mwana kuti "fotokoza", maphatikizo onse anayi amamveka pansi. Mukaikapo ku-, mawu aja amakhala kufótokoza. Liwu lokwera labwera ndi ku-, chifukwa poyamba panalibe, koma silinakhale pa ku- mwiniwakeyo. Latera pa "fo". M'malankhulidwe a madera ena, monga a ku Ntcheu ndi ku Nkhotakota, silithera pomwepo: limafikanso pa phatikizo lotsatira, n'kumveka kufótókoza.

Kale akatswiri ankaona kukwera ndi kutsika ngati khalidwe la lembo laliwu lililonse palokha, ndipo zoterezi zinkavuta kufotokoza. Mu 1976, John Goldsmith, polemba za digiri yake ku MIT ku America, anaonetsa njira yotchedwa otosegimento. Mawu amalembedwa m'mizere iwiri. Pansi pamakhala maphatikizo, pamwamba pamakhala H, kuimira liwu lokwera, kapena L, kuimira lotsika, ndipo timizere timalumikiza ziwirizi. Oimba kwaya akuidziwa kale nzeru imeneyi: m'buku la solofa, manotsi amakhala pamwamba, mawu a nyimbo pansi.

```
   H
   |
ku fo to ko za

   H
   | \
ku fo to ko za
```

Chithunzi choyamba ndi kufótokoza, chachiwiri ndi kufótókoza. Taonani kuti H sanachuluke. Akadali mmodzi, kungoti waonjezera kamzere kamodzi. Kufalikira kwa liwu n'kumeneku.

Kamzereka kali ndi malire ake, ndipo mutha kuwamva ndi khutu lanu. M'malankhulidwe a ku Ntcheu, liwu lokwera silifalikira pa maphatikizo awiri omaliza pamene wolankhula akupumira. Nenani kuti kuthándiza n'kusiyira pomwepo. "Ndi" ndi lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho limatsalira pansi. Tsopano nenani kuti kuthándíza anthu. Popumira pasunthira kutsogolo, mpata watseguka, ndipo "ndi" lakwera. Mawu ndi omwewo, tanthauzo ndi lomwelo. Zikanakhala kuti kukwera ndi khalidwe la "ndi" palokha, tikanati mawu amodziwa ali ndi maonekedwe awiri oyenera kuloweza padera. Pa mizere iwiri ija, chasintha ndi kamzere kamodzi basi.

Palinso kufalikira kwa mtundu wina. Timawu tosonyeza umwini timasintha potsata gulu la dzina, wa, cha, za, la, koma tonse timanyamula liwu lokwera. Phatikizani chá ndi kudyá. Mukadayembekeza kukwera, kutsika, kenako kukweranso. Koma chimamveka kwa ambiri ndi chákúdyá, maphatikizo onse atatu ali pamwamba. Phatikizo lotsika likapanikizika pakati pa okwera awiri, limakokedwa kuti lifanane nawo. N'chimodzimodzi wá ndi polísi, amene amakhala wápólísi.

Nanga liwu lotsika? Pa "fotokoza" munthu akhoza kujambula L mmodzi wokhala ndi timizere tinayi. Koma ambiri ofufuza Chichewa amaona kuti chimene chimasuntha, kufalikira kapena kufufutika ndi H. Choncho amati phatikizo lotsika ndi lija limene silinalandire kamzere kalikonse, ndipo limangomveka pansi. N'chifukwa chake m'zithunzi zija mulibe L. Zikufotokozanso chifukwa chake "ku" wa chákúdyá amagonja mosavuta: analibe chake choti ateteze.

Al Mtenje anagwiritsa ntchito njira yotereyi pa Chichewa m'kafukufuku wake wa mu 1986 ku London, ndipo mu 2017 iye ndi Laura Downing anatulutsa buku lonse la kamvekedwe ka Chichewa. Phunziro limodzi lochokera ku ntchito zotere n'lakuti amene amati kufótokoza ndi amene amati kufótókoza palibe wolakwa. Onse ali ndi H mmodzi pamalo amodzi, amangosiyana pa lamulo la kufalikira. Choncho pojambula kamvekedwe ka kwanu, yambani mwapeza kumene liwu lokwera lachokera, kenako yesani mawuwo pawiri, pamapeto ndi pakati pa chiganizo, musanalembe timizere.