Batani likakana kudinika, masulani webusayiti imodzi yokha

Tiyerekeze kuti mukufunsira ntchito pa intaneti ndipo tsiku lotsekera ndi lero. Tsamba latseguka bwinobwino, zithunzi ndi mawu zonse zikuoneka. Mwadina timizere titatu ta menyu tapakona paja, koma zii. Mwadina batani lolowera muakaunti yanu, nalonso duu. Ambiri zikatere amaloza chala netiweki, ena amathamangira kukagula bando ina, ena amazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Koma ngati tsamba lonse labwera ndipo mawebusayiti ena akuyenda, vuto si netiweki. Kawirikawiri wolakwa ali m'makina mwanu momwemo: ndi pulogalamu yotchinga zotsatsa malonda, kapena chitetezo cha bulawuza chimene chimaletsa makampani kukulondolani.

Zida zimenezi n'zabwino, ndipo sindingalangize munthu kuti azichotse. Tsamba limodzi la nkhani limatha kuitana mafayilo kumakampani ena ambirimbiri, ena otsatsa, ena ongolemba kuti inu mwafika pati, nthawi yanji, mwadina chiyani. Zonsezo zimadya bando yanu. N'chifukwa chake bulawuza ya Firefox inayamba kutchinga zolondola anthu popanda kudikira kuti mwiniwake achite kuyatsa, kuyambira pa Firefox 69 mu Seputembala 2019. Chitetezocho chimalembedwa kuti Enhanced Tracking Protection. Bulawuza ya Brave ili ndi chake chotchedwa Shields. Ena amawonjezeramo uBlock Origin, pulogalamu yaulere imene Raymond Hill anatulutsa mu 2014.

Nanga chida chotetezera chimathyola bwanji menyu? Chimagwira ntchito ngati mlonda wapageti amene wapatsidwa pepala la mayina a anthu osaloledwa kulowa. Safunsa kuti wabwerayo akufuna chiyani, amangoyang'ana dzina. Firefox imagwiritsa ntchito mndandanda wa kampani ya Disconnect, pamene uBlock Origin imadalira mindandanda monga EasyList ya zotsatsa ndi EasyPrivacy ya zolondola. Fayilo ikachokera ku adiresi yolembedwa pamenepo, imabwezedwa.

Pamene pagona nkhani ndi apa: batani la pawebusayiti silichita kanthu palokha. Kumbuyo kwake kumakhala malangizo olembedwa mu JavaScript, onena kuti munthu akadina apa, tsegula menyu. Opanga mawebusayiti ambiri amalumikiza malangizo amenewa ndi fayilo yowerengera alendo. Amalemba kuti munthu akadina, kampani yowerengera alendo iuzidwe kaye, kenaka menyu itseguke. Fayilo yowerengerayo ikatchingidwa, malangizo amakakamira pa sitepe yoyamba ndipo yachiwiriyo siifikidwa n'komwe. Kunena zoona, cholakwa chachikulu pamenepa ndi cha wopanga webusayiti, chifukwa menyu siyenera kudikira wowerengera alendo. Koma inu amene fomu yanu ikutseka lero simungadikire kuti akonze.

Batani lolowera kudzera pa Facebook ndi chitsanzo chodziwika. Limadalira fayilo yochokera ku connect.facebook.net, ndipo adiresi yomweyo imatumizanso fayilo yolondolera anthu. Chitetezo chokhwima chikatseka adiresi yonseyo, batani limaoneka lili bwinobwino koma lopanda ntchito. A Mozilla, eni Firefox, anachita kupanga SmartBlock mu 2021 pofuna kuchepetsa vutoli: imaika kafayilo kongoimirira pamalo pa kotchingidwako kuti tsamba lisasokonekere, ndipo pa batani la Facebook imalola fayilo yeniyeni kubwera munthu akadina. Yathandiza, koma imagwira pa mafayilo okhawo amene anawakonzera.

Kuthyoka kwina n'kosiyana. Zotchinga zotsatsa sizimangobweza mafayilo, zimabisanso zigawo za tsamba zimene mayina ake amafanana ndi a zotsatsa. Nthawi zina zimabisa chigawo chosalakwa, batani n'kusoweratu. Choipa kwambiri chimachitika ndi chikalata chija chofunsa ngati mukulola makuki. Munthu akayatsa mndandanda wobisa zikalata zimenezi, chikalatacho chimatha kubisika koma chophimba chimene chinali kumbuyo kwake n'kutsala. Tsamba limaoneka, mwina lodera pang'ono, koma silitsika ndipo palibe chodinika, chifukwa likudikirabe yankho la funso limene inu simunalione.

Kusiyana kumeneku kumathandiza pofufuza. Batani likamaoneka koma osagwira, ganizirani za fayilo yotchingidwa. Likasowa, kapena tsamba lonse likauma, ganizirani za chobisidwa. Mukalemba dzina ndi mawu achinsinsi n'kubwezedwanso pa tsamba lolowera mobwerezabwereza, nthawi zambiri nkhani ndi ya makuki: kachizindikiro koti mwalowa kale sikakufika kumene kakufunika.

Tibwerere ku fomu ija, ndipo tinene kuti ili pa www.example.com, pa laputopu yokhala ndi Firefox ndi uBlock Origin. Zotchinga zilipo ziwiri, choncho musazimitse zonse nthawi imodzi, chifukwa simudziwa kuti yolakwa ndi iti. Musanakhudze chilichonse, werengani adiresi ya tsambalo chilembo ndi chilembo. Ngati mwafika pamenepo podina linki yobwera pa WhatsApp, lembani nokha adiresi imene mukuidziwa. Kumasula chitetezo pa webusayiti yabodza n'kudziika nokha m'manja mwa akuba.

Adiresi ikakhala yolondola, yambani ndi Firefox. Kumanzere kwa adiresi kuli kachizindikiro ka chishango. Kadineni, muona chosinthira cha Enhanced Tracking Protection. Chizimitseni, tsamba litsegukanso lokha, ndiye yesani menyu ija. Chosinthirachi chimakhudza webusayiti yokhayo imene muli, ena onse amakhala otetezedwabe. Menyu ikagwira, mwam'peza wolakwa. Ikapanda kugwira, yatsaninso chishangocho musanapite kwina. Sitepe imeneyi ndi imene anthu amaiwala, mapeto ake amasiya chitetezo chozimitsa pamalo pamene sichinalakwe.

Kenaka dinani chizindikiro cha uBlock Origin. Muona batani lalikulu labuluu looneka ngati loyatsira wailesi yakanema. Mukalidina, pulogalamuyo imasiya kutchinga pa webusayiti imeneyo yokha, ndipo mukalidina mutagwira Ctrl, imasiya pa tsamba limodzi lokhalo. Apa muyenera kutsegulanso tsamba nokha, monga podina F5, chifukwa mafayilo amene anabwezedwa kale sabwera okha. Ngati vuto lanu linali la batani losowa, pali njira yofewerapo: mukadina More mupeza kachizindikiro ka diso lodulidwa ndi mzere. Kameneka kamaletsa kubisa kokha pa webusayitiyo, kutchinga zolondola kukupitirirabe.

Tsopano menyu yatseguka, mwadina batani lolowera, ndipo mwafika pa login.example.com pamene zinthu zaumanso. Musadabwe. Chilolezo chimene munapereka chinali cha www.example.com, ndipo kwa uBlock Origin adiresi yachiwiriyi ndi ina. Mawebusayiti ambiri amatumiza munthu ku adiresi ina polowa kapena polipira. Onetsetsani kuti nayonso ndi ya eni omwewo, kenaka mubwereze zomwe zija pamenepo.

Langizo lofala ndi loti yesani pa windo yachinsinsi, ija yotchedwa Private kapena Incognito. Langizoli lili ndi msampha. N'zoona kuti mapulogalamu owonjezera monga uBlock Origin sagwira ntchito mmenemo pokhapokha mutawalola, choncho tsamba likayenda bwino mmenemo mukhoza kuwakayikira. Koma mu Firefox windo yachinsinsi imatchinga zolondola zambiri kuposa windo wamba yokhala pa Standard. Batani likakana mmenemo, musafulumire kunena kuti webusayiti ndi yowonongeka.

Amene sachita mantha ndi zilembo zambiri akhoza kuona umboni ndi maso. Pa kompyuta, dinani F12 n'kusankha Console. Mu Chrome ndi mabulawuza ena apachibale nayo, fayilo imene yabwezedwa ndi chotchinga imalembedwa ndi mawu akuti ERR_BLOCKED_BY_CLIENT, ndipo adiresi yake imaoneka pomwepo. Mukadziwa fayilo yeniyeniyo, simufunikanso kumasula webusayiti yonse. Mu uBlock Origin, pagawo la My filters, mzere umodzi ngati uwu ukukwanira:

```
@@||connect.facebook.net^$script,domain=example.com
```

Tanthauzo lake ndi lakuti mafayilo a malangizo ochokera ku adiresi ya Facebook ija aloledwe, koma pa example.com pokha. Zotsatsa ndi zolondola za makampani ena zimatchingidwabe pamenepo, ndipo pa mawebusayiti ena palibe chasintha.

Mabulawuza ena ali ndi njira yofanana. Mu Brave mumadina mutu wa mkango pafupi ndi adiresi n'kuzimitsa Shields pa webusayitiyo. Pa iPhone, menyu ya tsamba mu Safari ili ndi Website Settings, mmene muli chosinthira cha Use Content Blockers. Ogwiritsa ntchito Chrome ambiri tsopano ali ndi uBlock Origin Lite, chifukwa Google inasintha malamulo a mapulogalamu owonjezera ndipo yakale ija inayamba kuzimitsidwa chakumapeto kwa 2024. Nayonso imalola kutsitsa mphamvu yotchinga pa webusayiti imodzi.

Pali pamene njira yonseyi imakanika. Mafoni a Android, kuyambira Android 9, ali ndi gawo lotchedwa Private DNS, ndipo anthu ena amalembamo adiresi ya AdGuard kuti zotsatsa zisowe mufoni yonse. Mwina anakuikirani mnzanu kapena wokonza mafoni, inu n'kuiwala. Kutchinga kumeneku kumachitika kunja kwa bulawuza, ndipo sikudziwa kuti muli pa webusayiti iti, choncho palibe chosinthira cha webusayiti imodzi. Chizindikiro chake n'chakuti batani limakana m'mabulawuza onse a foniyo, pa deta ndi pa wayifayi pomwe, pamene pa foni ya mnzanu likugwira. Chotheka ndi kuika Private DNS pa Off kwa mphindi zochepa, kumaliza ntchito, n'kubwezeretsa. Opera Mini nayo ili ndi zake: kuwonjezera pa kutchinga zotsatsa, njira yake yopulumutsa deta imadutsitsa tsamba pamakompyuta a kampaniyo kuti lichepe, ndipo pamlingo wamphamvu kwambiri mamenyu ndi mabatani ena amafa. Fomu yofunika ndi bwino kuilembera mu bulawuza ina.

Chilolezo chilinso ndi mtengo wake. Pa webusayiti imene mwamasulayo zotsatsa zibwerera, bando idyeka msanga, ndipo makampani olondola akuonani nthawi zonse mukafikapo. Komanso chilolezocho sichitha chokha. Webusayiti imene mumalowamo sabata iliyonse mukhoza kuisiya yomasula. Koma ya fomu ya kamodzi, mukangotumiza n'kulandira uthenga woti yafika, yatsaninso chitetezo. Mu Firefox mndandanda wa zonse zimene munamasula uli pa Settings, Privacy & Security, Manage Exceptions, ndipo mu uBlock Origin uli pa Trusted sites. Utseguleni lero, muchotsemo adiresi iliyonse imene simukukumbukira chifukwa chimene munaiikiramo.