Kuitana achinyamata ku kalembera popanda kununkha chipani

Tiyerekeze kuti gulu la achinyamata a kutchalitchi lapatsidwa ntchito yolemba mawu okopa anzawo amene sanavotepo kuti akalembetse m'kaundula wa Malawi Electoral Commission. Atakambirana, alemba pachinsalu kuti: "Kwacha achinyamata! Tsogolo lathu lili m'manja mwanu, tiyeni zinthu zisinthe." Mawuwa ndi okoma m'khutu, ndipo olembawo analibe chipani chilichonse m'maganizo. Komabe chinsaluchi sichingapachikidwe pamalo a kalembera.

Vuto ndi lakuti mawu ambiri opatsa chikoka m'Chichewa ali kale ndi eni ake. "Kwacha" ndi mfuwu wa Malawi Congress Party kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda. "Tsogolo lathu" aliyense amene anaona misonkhano ya UTM mu 2019 amadziwa kumene akuchokera. Ngakhale liwu lakuti "tonse" linasanduka dzina la mgwirizano umene unapambana pa chisankho cha 2020. Nanga "kusintha"? Limeneli ndiye lobisika kwambiri, chifukwa silitchula chipani koma nthawi zonse limaloza chala amene ali m'boma. Mnzake wa liwuli ndi "chitukuko chipitirire", amene amakokera kwa olamula. Munthu wakumva akangoganiza kuti mwamutumira uthenga wa chipani chimene makolo ake sachifuna, sabweranso, ndipo mfumu ya m'mudzimo ikhoza kukana kuti mulengeze pabwalo lake.

Mtundu wa nsalu nawonso umalankhula. Wabuluu anthu amauwerenga ngati DPP, wachikasu UDF, waolenji People's Party, wofiira UTM. Chithunzi cha tambala kapena cha chimanga, ngakhale mwachijambula pofuna kungokongoletsa, chanena kale zambiri kuposa mawu anu. Zilembo zakuda pansalu yoyera sizisangalatsa maso kwenikweni, koma palibe angakuimbeni nazo mlandu.

Ndiye chotsala n'chiyani? Ine ndimaona kuti njira yabwino ndi kuleka kulankhula za dziko ndi kuyamba kulankhula za kulembetsa kwenikweniko. Wachinyamata amene sanalembetsepo kawirikawiri sakhala pakhomo chifukwa chosakonda Malawi. Amakhala chifukwa sakudziwa ngati zaka zake zakwana, choti atenge, kumene apite, ndiponso ngati pafunika ndalama. Mawu oyankha mafunso amenewa sakondera aliyense mwachibadwa chawo, popeza malamulo a kalembera ndi amodzi kwa otsatira chipani chilichonse.

Tibwerere ku chinsalu chija. Tikachotsa "kwacha", "tsogolo lathu" ndi "zisinthe", tilembe kuti: "Zaka 18 zakwana? Tenga chitupa cha unzika, ukalembetse. N'zaulere." Muli msinkhu, muli chonyamula, muli chochita. Pansi pake, ndi zilembo zing'onozing'ono, pabwere dzina la sukulu imene kalembera akuchitikira ndi tsiku lotseka. Tsikuli n'lofunika, chifukwa kalembera sakhala chaka chonse. Wokonzekera chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 anachitika m'magawo atatu kumapeto kwa 2024, gawo lililonse milungu iwiri m'maboma ake. Chinsalu chopanda tsiku chimapatsa munthu mpata wonena kuti ndipita mawa mpaka ogwira ntchito atapakira katundu wawo.

Pali gulu lina limene mawu amenewa angalitaye. Lamulo limalola munthu amene adzakhale atakwanitsa zaka 18 pofika tsiku lovota kuti alembetse ngakhale pa nthawi ya kalembera akadali ndi zaka 17. Ana ambiri a Folomu 3 ndi Folomu 4 ali m'gulu limeneli, ndipo akawerenga "zaka 18 zakwana?" amangodutsa. Iwowa afunika chinsalu chawochawo: "Udzakhala ndi zaka 18 pa tsiku lovota? Nawenso lembetsa lero."

Musanasindikize, yesani mawuwo. Awerengereni anthu atatu kapena anayi amene mukudziwa kuti amatsatira zipani zosiyana, aliyense payekha, ndipo muwafunse funso limodzi: ukuganiza kuti walemba izi amavotera ndani? Wina akangotchula chipani, ngakhale moseka, fufutani. Kenaka funsani mwana wa zaka 17 kuti akuuzeni choti achite atamva mawuwo. Akalephera kutchula chitupa ndi malo, ndiye kuti mwalemba ndakatulo chabe.

Pali malire amene mawu sangadumphe. Chitupa cha unzika chimachokera ku National Registration Bureau, osati ku bungwe la zisankho, ndipo sichituluka tsiku lomwelo. Mnyamata amene wamva uthenga wanu sabata yomaliza alibe chitupa akhoza kubwerera pamzere manja ali m'khosi. Choncho chinsalu choyamba, miyezi ingapo kalembera asanatsegulidwe, chisanene n'komwe za kuvota. Chingofunsa kuti: "Chitupa cha unzika uli nacho?"