Pamene Pakamwa Pakana Zimene Dzanja Lalemba

Chaka chatha abale anandipatsa ntchito yolemba mbiri ya azakhali anga, yoti iwerengedwe pa mwambo wa chiliza chawo kwathu ku Ntcheu. Anandiuza kuti isapitirire mphindi 5, chifukwa olankhula anali ambiri. Ndinalemba mawu pafupifupi 600, n'kuwerenga chamumtima katatu konse, osapeza pokonza. Usiku womwewo ndinaika foni patebulo, ndinatsegula pojambulira mawu, n'kuwerenga mokweza kuyambira pamutu mpaka pamapeto. Nthawi inakwana mphindi 6 ndi masekondi 40. Pomvetsera m'mawa mwake, ndinaika zizindikiro 23 pamapepala awiri omwe dzulo lake ankaoneka osalala.

Diso la mlembi limanama. Limadziwa kale zimene mwini wake ankafuna kunena, choncho limadumpha mawu osowa ndi kuwongola chiganizo chokhota popanda kukuuzani. Pakamwa sipangadumphe chotero, chifukwa pamafunika mpweya, ndipo mpweya umatha. Mlembi wa ku France, Gustave Flaubert, yemwe analemba buku la Madame Bovary, ankadziwika ndi chizolowezi chofuula ziganizo zake m'chipinda kuti amve pamene zikutsimphina. Iye analibe chojambulira mawu. Ife tili nacho m'thumba, ndipo chimawonjezera chinthu chimodzi chachikulu: powerenga mokweza, maganizo amatanganidwa ndi katchulidwe, koma pomvetsera zojambulidwa mumakhala ngati mlendo amene wakhala pamphasa kumbuyo, wopanda pepala m'manja.

Kajambulidwe kake sikafuna zambiri. Foni ikhale patali ngati chikhatho chotambasula kuchokera pakamwa, muitseke kuti isalandire mafoni, ndipo musankhe chipinda chokhala ndi makatani kapena zovala zopachika, poti chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu. Ngati denga ndi lamalata ndipo mvula ikugwa, dikirani ikate. Zolembazo zikhale papepala, mizere yotalikirana, kuti pakhale malo a pensulo. Lamulo lovuta kusunga ndi ili: mukaphunthwa, musaime kuti mukonze. Bwerezani mawuwo n'kupitirira. Kuphunthwako ndiye umboni umene mukuufuna, ndipo mukaima n'kuyamba kufufuta, mwauwononga. Musawerengenso ngati muli pa siteji, mokometsera ndi mokoka mawu, chifukwa liwu labwino limatha kunyamula chiganizo chakufa n'kuchiyendetsa ngati chamoyo.

Ambiri amasiyira pa mphindi yoyamba ya kumvetsera, atadabwa ndi liwu lawo. Palibe cholakwika ndi foni. Tikamalankhula timadzimva kudzeranso m'mafupa a m'mutu, amene amakulitsa liwu kuti limveke lonenepa, pomwe chojambulira chimangotola zodutsa mumpweya, zomwe anthu ena amamva masiku onse. Pakangopita kanthawi khutu limazolowera.

Ine ndimamvetsera kawiri. Ulendo woyamba pepala ndimalitembenuza, ndimangolemba pakapepala kena nthawi imene china chake chachitika: 1:20 ndasokonezeka, 3:05 maganizo achoka. Ulendo wachiwiri ndimatsatira ndi pensulo mzere ndi mzere, kuyang'ana pamene pakamwa panasiyana ndi pepala. Ndi ulendo wachiwiriwu umene umandipatsa zambiri, ndipo sindiuthamangitsa ndi kabatani kofulumizitsa mawu kaja, chifukwa kamameza kudodoma komwe ndikukufuna.

Nachi chimene ndinapeza m'ndime yachitatu. Papepala ndinalemba kuti azakhali "anatenga gawo lalikulu pa kaleredwe ka ana amasiye a m'banja mwathu." M'foni ndinadzimva ndikunena kuti "analera ana amasiye ambiri a m'banja mwathu." Sindinadziwe n'komwe kuti ndasintha. Dzanja linalemba Chichewa cha m'malipoti a mu ofesi, choganizidwa m'Chingerezi, koma pakamwa panakana n'kubwerera ku Chichewa cha pakhomo. Malo otere ndimalemba pamwamba pa mzere mawu enieni amene ndinatchula, ndipo nthawi zambiri ndi amene amapambana. Osati nthawi zonse. Pena pakamwa pamangothamangira mawu ozolowereka pomwe papepala panali mawu osankhidwa bwino. Ndinalemba kuti azakhali ankasinja chimanga usiku, pakamwa n'kunena kuti ankakonola. Kusinja ndi kukonola si ntchito imodzi, ndipo chimene ndinkakumbukira ine ndi kusinja. Pamenepo pepala linapambana.

Chizindikiro cha mtundu wina chinagwera pa chiganizo choyamba penipeni: "Mayi athuwa, amene anabadwira ku Ntcheu koma anakulira ku Zomba komwe bambo awo ankagwira ntchito, ndipo atamaliza sukulu anapita ku Blantyre komwe anakumana ndi amuna awo, anali munthu wokonda alendo." M'foni mumamveka ndikupuma mwadzidzidzi pa mawu akuti "sukulu," pomwe palibe mpatuliro, kenaka ndikubwereza kuti "mayi athuwa" ndisanafike pa "anali." Kubwereza kumeneko kunali kudzikumbutsa ndekha amene ndinkamunena, chifukwa mwininkhani ndi mneni wake zinatalikirana kwambiri. Ngati wolemba mwini wake watayika, nanga agogo okhala pansi pa mtengo adzuwa likuswa mtengo adzatsatira bwanji? Ndinaika kamzere koimirira pamalo pamene ndinapumira, ndipo pambuyo pake chiganizocho chinasanduka zitatu, kukonda alendo kuja n'kubwera koyambirira.

Tsopano funso lenileni ndi lakuti, pa zizindikiro 23 zija, ndi ziti zoyenera kukonza? Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti paliponse pamene lilime laterereka pali vuto la zolemba. Si choncho. Pena mwangotopa, pena galu wauwa panja, pena diso ladumpha mzere. Njira yosiyanitsira ndi kujambulanso kachiwiri tsiku lina, musanasinthe kalikonse. Pamene mwaphunthwa kamodzi kokha, pasiyeni. Pamene mwaphunthwa maulendo onse awiri, pamalo amodzimodzi, vuto lili papepala. Kwa ine zizindikiro 7 zinagwa motere. Zina ziwiri zinabwerezeka koma ndinazisiyabe: chimodzi chinali pa chaka cha 1964, china pa dzina la mudzi wa kuchimuna kwawo lomwe sindinalizolowere. Chaka ndi dzina sizisinthidwa chifukwa choti zikuvuta kutchula, zimangofunika kuyeserera.

Zotsalazo sindiyamba nazo kuchokera pamwamba kutsika pansi. Ndimayamba ndi pamene maganizo anachoka, chifukwa limenelo ndi vuto la ndime yonse. Pa 3:05 paja panali ndime yondandalika malo onse amene amuna awo a azakhali anagwirako ntchito. Zoona zokhazokha, koma sinali mbiri ya azakhali, ndipo ine amene ndinailemba ndinayamba kuganiza zina ili mkati. Mkati mwa ndime imeneyo munali zizindikiro zing'onozing'ono 5. Ndikanayamba ndi zimenezo, ndikanatha ola ndikusalaza ziganizo zoti zichotsedwa. Ndimeyo ndinaifupikitsa kukhala chiganizo chimodzi, zizindikiro 5 zija zinapita nayo limodzi, ndipo nthawi inatsika ndi mphindi yathunthu.

Pambuyo pake pamabwera malo amene tanthauzo lagawanika. Pa 1:20 panali chiganizo ichi: "Azakhali atadwala, achemwali awo anauza ana awo kuti abwere kumudzi." Powerenga sindinaphunthwe ngakhale pang'ono, koma pomvetsera pepala litatembenuzidwa ndinadzifunsa kuti, ana a ndani? Chichewa chathu chimalemekeza munthu mmodzi ndi "a" ndi "awo" yemweyo amene timatchulira anthu ambiri, choncho m'nkhani ya akuluakulu awiri kapena atatu, "awo" amatha kuloza aliyense. Pa mwambo wa banja, kusokoneza ana a uyu ndi ana a uyo si nkhani yaing'ono. Ndinalemba kuti "anaitanitsa ana a wodwalayo."

Za kamvekedwe zimabwera pomalizira, ndipo apa mpofunika kusamala kuti musasese ndi mbewu zomwe. Khutu linandiuza kuti mawu akuti "ndipo" achuluka, nditawerenga ndinapeza 14. Ambiri anali ongomata ziganizo zomwe zikanaima pazokha ndi mpumiro, ndipo ndinatsala ndi 4. Koma panalinso ziganizo zitatu zotsatizana zoyamba ndi "Analera." Papepala zinkaoneka ngati kusowa mawu, mwakuti ndinali nditaganiza kale zosintha ziwiri. M'foni zinamveka ngati kugunda kwa musi mumtondo, chilichonse chikuwonjezera kulemera pa chinzake. Ndinazizunguliza ndi pensulo n'kulemba pambali kuti "osakhudza." Ndimakhulupirira kuti chizindikiro chimenechi n'chofunika ngati zinzake zonse, chifukwa munthu akalowa m'chimwemwe chokonza amatha kuwononga malo okhawo amene anali ndi moyo.

Pali zina zimene foni singakuuzeni, ndipo kwa ife olemba Chichewa chimodzi n'chachikulu. Chilankhulo chathu chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, koma polemba sitionetsa zimenezi. Chakumapeto kwa mbiri ija ndinalemba kuti, "Chimene chinawapweteka mtima pogulitsa malo aja chinali mtengo." Ine ndinkanena mtengo wa mango umene anaudzala okha, ndipo m'zojambula zonse ziwiri liwu langa linautchula bwino lomwe, popanda chizindikiro chilichonse. Koma wokawerenga pamwambo sanali ine, anali amalume. Nditawapempha kuti awerenge ndikujambula, anautchula ngati mtengo wa malonda, ndipo chiganizo chinasanduka chonena kuti azakhali anadandaula ndi ndalama zochepa. Liwu langa linali litabisa vutolo chifukwa linkadziwa yankho. N'chimodzimodzi ndi kalembedwe: "kwambiri" ndi "kwa mbiri" zimamveka pafupifupi mofanana m'khutu, ndipo tsiku lobadwa lolakwika limamveka bwino ngati lolondola. Zimenezo zimafuna diso ndi kufunsa akuluakulu.

Choncho ngati zolemba zanu zidzawerengedwa ndi wina, kaya pamaso pa anthu kaya chamumtima m'magazini, kujambula komaliza kukhale kwa munthu amene sanazionepo. Musamufotokozere kanthu asanayambe, ndipo akalakwitsa musamudule. Amalume anadodoma malo atatu okha, awiri mwa iwo anali amene ndinali nditawakayikira kale. Lachitatu linali la mtengo lija, lomwe ndinalikonza powonjezera mawu ochepa: "mtengo wa mango umene anaudzala ali mtsikana." Kuwerenga kwawo kunatenga mphindi 4 ndi masekondi 50, ndipo pepala limenelo ndi limene anapita nalo kumanda Loweruka m'mawa.