Makina a Moore ndi a Mealy: Ntchito Imodzi, Njira Ziwiri

Mkati mwa foni kapena kompyuta muli timakina timene timakumbukira zinthu zochepa chabe. Zimene kamakina kakukumbukira pa nthawiyo ndiwo mkhalidwe wake, ndipo umasintha koloko ya mkati ikagunda. Akatswiri awiri a ku Bell Labs ku America anafotokoza njira ziwiri zopangira timakinati. George Mealy, mu 1955, anafotokoza makina amene yankho lake limadalira mkhalidwe pamodzi ndi chimene chikulowa. Edward Moore, mu 1956, anafotokoza amene yankho lake limadalira mkhalidwe wokha.

Tiwapatse ntchito imodzi. Pa waya pakubwera manambala 0 ndi 1, imodzi pa kugunda kulikonse, ndipo tikufuna nyali iyake 1 akabwera kawiri motsatizana.

Makina a Moore amafuna mikhalidwe itatu. Pa A sanaone 1, pa B aona mmodzi, pa C aona awiri kapena kuposa. Nambala 1 imawasuntha kuchoka pa A kupita pa B, kenako pa C, pomwe amakhalabe 1 akapitirira. Nambala 0 imawabweza pa A. Nyali imayaka pa C pokha.

Makina a Mealy amakwanitsa ndi iwiri. Pa A nambala yapitayo inali 0, pa B inali 1. Akakhala pa B n'kuona 1 wina pa waya, nyali imayaka pompo. Mikhalidwe iwiri imasungika mu biti imodzi, pomwe itatu imafuna mabiti awiri.

Tsopano tilowetse 0, 1, 1, 1, 0. Nyali ya Mealy imayaka pa nambala yachitatu ndi yachinayi, nthawi yomweyo pamene 1 wachiwiri ndi wachitatu ali pa waya. Ya Moore imayaka pa yachinayi ndi yachisanu, chifukwa makinawo amayamba adikira koloko kuti iwalowetse pa C. Onse apeza zofanana, koma Moore wachedwa ndi kugunda kumodzi.

Changu cha Mealy chili ndi vuto lake. Yankho lake limatsatira waya wolowa mwachindunji, choncho makina akakhala pa B ndipo magetsi pa wayayo n'kudumphira pa 1 kwa kamphindi, nyali imaphethira molakwika. Vutoli mumalizindikira mukaona yankho likusintha koloko isanagunde. Nyali ya Moore siphethira choncho, popeza imayang'ana mkhalidwe wokha.

Mankhwala ake alipo: yankho la Mealy mumalisunga kaye mu biti ina mpaka koloko igunde. Mukatero kuphethira kumatha, koma mabiti akhala awiri ndipo kuchedwa kuja kwabweranso. N'chifukwa chake wopanga amayamba wafunsa za chimene chidzalandire yankholo. Ngati chikufuna yankho pa kugunda komweko, ndipo cholowa n'chokhazikika, Mealy ndiye woyenera. Ngati ndi chipangizo chimene chingadzidzimuke ndi kuphethira kulikonse, ndi bwino kulolera kuchedwa n'kusankha Moore.