Masekondi 30 a Telala wa pa Chimbiya

Telala wa pa Chimbiya akafuna kudzitsatsa pa wailesi amakhala ndi masekondi 30 okha, ndipo m'Chichewa masekondi amenewa ndi ochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "ndinasoketsa" lili ndi maphatikizo asanu, moti munthu wolankhula mosathamanga amakwanitsa mawu 50 kapena 60 basi nthawiyo isanathe. M'mawu ochepawa muyenera kulowa dzina la shopu, malo ake, zimene amasoka ndi chifukwa chopitira kwa iye osati kwa wina. Ndiye nthabwala ilowa pati? Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti nthabwala isalowe ngati chokometsera. Iyenera kutengedwa pa dandaulo lenileni la makasitomala, ndipo mawu otsekera akhale lonjezo loyankha dandaulolo. Nthabwala yosagwira ntchito imeneyi yangodya masekondi olipiridwa.

Dandaulo la anthu pa atelala si lobisika. Ena amadandaula za diresi lothina, ena za nsalu yotsala imene sinabwezedwe, koma lalikulu ndi mawu awiri aja akuti "bwerani mawa". Munthu amapereka nsalu ndi ndalama ya chikole, amauzidwa tsiku, akafika apeza nsalu yake ili pamulu isanadulidwe n'komwe. Tiyerekeze tsono kuti pali shopu yotchedwa Telala wa Pakhonde, ndipo tiilembere malonda ake.

(Nthungululu ndi ng'oma za ukwati chapatali)
MAYI: Bambo a Chikondi, ku ukwati mwavala bulangete?
BAMBO: Suti ikadali kwa telala, akuti ndipite mawa.
MAYI: Suti yake iti?
BAMBO: Ija ndinasoketsa ya ukwati wathu ija.
MAYI: Iii! Lero tikukwatitsa Chikondi, telala akusokabe?
(Kulira kwa makina osokera)
WOLENGEZA: Siyani bulangete, bambo! Bwerani kwa Telala wa Pakhonde, pamsika wa Chimbiya, pafupi ndi ogulitsa kachewere. Masuti, madiresi, mayunifolomu. Telala wa Pakhonde: tikati Lachisanu, ndi Lachisanu!

Mawu onse ndi 54, maphatikizo pafupifupi 150. Kasewero ka mayi ndi bambo katenga theka la nthawi, theka linalo n'la wolengeza. Kagawidwe aka ndi kadala, chifukwa kasewero kakadutsa masekondi 16 wolengeza amayamba kuthamanga, ndipo chimene chimamezedwa ndi dzina la shopu. Poyesa, werengani mokweza ndi wotchi ya pafoni, anthu atatu aliyense mbali yake, ndipo mulinge kumaliza pa masekondi 27 kapena 28 kuti phokoso la ng'oma ndi la makina lipeze malo. Nthawi ikapyola, dulani mawu, musawonjezere liwiro.

Taonani mmene kuseka kwamangidwira. Wailesi ilibe chithunzi, choncho chiganizo choyamba chiyenera kujambula chithunzi m'mutu mwa womvera, ndipo bulangete ku ukwati lichita zimenezo nthawi yomweyo. Munthu wa ku Dedza, amene amadziwa kuzizira kwa Juni ndi Julaye, sachita kufotokozeredwa chifukwa chake bambo wopanda jekete wathawira m'bulangete. Yankho la bambo likumbutsa womvera za "mawa" amene iyenso anauzidwapo. Kenaka nkhani itembenuka: suti si ya ukwati wa lero, ndi ya ukwati wa makolo a mkwatibwi. Dzina la Chikondi latchulidwa koyambirira ngati ulemu wamba wa mkazi kwa mwamuna wake, koma pamapeto lasanduka muyeso wa zaka zimene telala wachedwa. Bamboyo ayenera kulankhula modekha, ngati munthu amene akuyembekezerabe ndi mtima wonse. Akangoyamba kuchita zoseketsa ndi mawu ake, nthabwala yafa.

Mawu otsekera akuti "tikati Lachisanu, ndi Lachisanu" ali ndi maphatikizo 12 ndipo liwu limodzi labwerezedwa, moti mwana angawaloweze atawamva kawiri. Koma mphamvu yake yeniyeni ndi yakuti akulonjeza chinthu chimene kasitomala angachiyese. Mawu ngati "timasoka mwaluso" telala aliyense angawanene, ndipo palibe angawatsutse kapena kuwakumbukira. Lachisanu ndi tsiku lomveka, makamaka poti maukwati ambiri amachitika Loweruka. Dzina la shopu latchulidwa kawiri, kachiwiriko litamamatira ku lonjezolo, kuti wokumbukira chimodzi akumbukirenso chinzake. Nambala ya foni yasiyidwa mwadala. Manambala khumi owerengedwa kawiri amadya pafupifupi masekondi khumi, ndipo womvera amene ali kudimba kapena pa njinga alibe polemba. Pa Chimbiya, pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza pamene apaulendo amaima kugula kachewere ndi ndiwo zamasamba, chizindikiro cha malo chimathandiza koposa nambala.

Wina anganene kuti telala amene akuseka kuchedwa kwa atelala akunyoza ntchito yake yomwe, ndipo akudzipangira adani pamsika. Nkhawayi ndi yomveka pamalo aang'ono pamene aliyense amadziwa mnzake. Yankho lili m'kalembedwe: telala wochedwayo alibe dzina, alibe malo, ndipo kuchedwa kwake kwakokomezedwa mpaka zaka za mwana wokwatiwa, kotero palibe angaloze munthu n'kunena kuti akunena uyu. Wosekedwanso si wolumala, si wa mtundu wina, si mayi wonenepa, nthabwala zimene zimaseketsa ochepa n'kukwiyitsa makasitomala enieniwo. Winanso angati anthu adzakumbukira bulangete n'kuiwala shopu. Izi zimachitikadi nthabwala ikakhala yosakhudzana ndi malonda, ndipo njira yodziwira ndi yapafupi: werengerani anthu angapo kamodzi kokha, dikirani tsiku limodzi, muwafunse dzina la shopu ndi malo ake. Akatchula bulangete lokha, bwezerani dzina patsogolo kapena chotsani mzere umodzi wa kasewero.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi chakuti lonjezo loterolo n'loopsa, ndipo pamenepa ndikugwirizana nacho ndithu. Mu Seputembala sukulu zikamatsegulidwa mayunifolomu amachuluka, miyezi yotsatira kukolola imadzaza zinkhoswe ndi maukwati, Disembala amabweretsa zovala za Khirisimasi. Telala wa makina amodzi amene amamaliza madiresi awiri pa tsiku sangalandire 20 Lolemba n'kuwalonjeza onse Lachisanu. Akalephera, mawu ake omwewo amasanduka nyimbo yomunyoza pamsika, ndipo kutsatsa zabodza ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandirapo madandaulo. Choncho asanalipire wailesi, telala akhale ndi kope lolembamo dzina, miyeso ndi tsiku lotenga, adziwe malire ake a pa sabata, akhale ndi makina opalasa ndi mapazi a nthawi imene magetsi athima, ndipo aphunzire kuuza kasitomala kuti Lachisanu lake ndi la sabata yamawa.

Za wailesi yosankha nkhani ndi yaifupi. MBC Radio 1 ndi Zodiak, imene inayamba mu 2005, zimamveka dziko lonse, koma wa ku Karonga sadzabweretsa nsalu pa Chimbiya, choncho ndalama zambiri zimapita kwa omvera osagula. Wailesi ya m'dera ngati Bembeke FM ya m'boma la Dedza lomwemo ndi yoyenera kuifunsa mtengo poyamba, ndipo ndi bwino kuunjika maulendo onse ogulidwawo m'masabata awiri sukulu zisanatsegulidwe, m'mawa ndi madzulo, kusiyana n'kuwamwaza chaka chonse.