Musanalembe PIN, yambani mwaona katunduyo

Tiyerekeze kuti muli ku Mzuzu ndipo mukufuna foni. M'masitolo mtundu womwe mukuufunawo ukugulitsidwa pa K450,000, koma pa Facebook mwapeza wina akuutsatsa pa K280,000. Mukamulembera pa WhatsApp akuyankha msangamsanga, mwaulemu wake: "Ilipo bwana, koma yatsala imodzi. Ife tili ku Limbe. Tumizani theka, tiyikweza basi madzulo ano."

M'mawu ochepawo muli kale zizindikiro zitatu. Mtengo wagwa mopitirira muyezo, chonsecho wamalonda weniweni naye amachita kupikula katundu wake ndipo sangagulitse moluza chotere. Akukufulumizitsani kuti musapeze mpata wofunsa anzanu. Ndipo ali kutali. Akathyali ambiri amayamba afunsa komwe muli, kenako n'kutchula mzinda wina. Mukanati muli ku Blantyre, sitolo yomweyo ikanapezeka ku Lilongwe.

Chenicheni chofunika kudziwa n'chimodzi: kodi katunduyo ali m'manja mwake? Zithunzi zokongola sizitsimikizira kanthu, pakuti aliyense angazikopere patsamba la sitolo ina. Muuzeni alembe dzina lanu ndi tsiku la lero pakapepala, ayike pambali pa foniyo, ajambule. Kapena muimbireni pavidiyo kuti ayiyatse inu mukuona. Kwa munthu amene ali ndi katundu, imeneyi ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo ambiri amachita mosanyinyirika poti akufuna kugulitsa. Wabodza amayamba zifukwa: netiweki ikuvuta, katundu ali kunyumba yosungirako, wamakiyi watuluka. Ena amapsa mtima n'kukufunsani ngati mukuwayesa akuba. Mkwiyo umenewo usakuchititseni manyazi, chifukwa ndalama ndi zanu.

Njira ina yomwe ine ndimaidalira kwambiri ndi yotuma munthu. Nenani kuti muli ndi mchimwene wanu ku Limbe komweko, abwera kudzaona foniyo ndi kulipira pamanja. Sitolo yeniyeni imakulozerani msewu, nyumba ndi chitseko. Wabodza amangoti zii, kapena amati masiku ano sakulandira anthu, akungotumiza basi.

Tsamba lakelo nalonso limaulula zambiri. Pa Facebook, tsamba la bizinesi lili ndi gawo lotchedwa Page transparency, lomwe limaonetsa tsiku limene tsambalo linatsegulidwa komanso ngati linasinthapo dzina. Sitolo yodzitama kuti yatumikira anthu zaka khumi koma tsamba lake n'la mwezi watha, kapena lomwe kale linali la nyimbo lero likugulitsa simenti, n'lofunika kulikayikira. Onaninso ndemanga. Ngati anatseka kuti anthu asalembepo, kapena zonse n'zoyamikira m'mawu ofanana kuchokera kwa anthu opanda zithunzi ndi abwenzi, dziwani kuti madandaulo akufufutidwa. Chithunzi cha katunducho mungachiike mu Google Lens, n'kuona ngati chikupezekanso pamasamba a ku Dubai kapena ku Joni.

Tsono tifike pandalama. Potumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dzina la mwini nambala limaoneka musanatsimikize. Imani pamenepo, muliwerenge. Mwakhala mukucheza ndi munthu wodzitchula dzina lina, tsamba lili ndi dzina lina, ndipo ndalama zikupita kwa munthu wachitatu. Mukafunsa adzati ndi nambala ya mkazi wake kapena ya wantchito. Zimachitikadi kuti wamalonda wachilungamo agwiritse ntchito nambala ya m'bale wake, koma zikaphatikana ndi kukana kuonetsa katundu, lekani. Chenjeraninso akakupatsani nambala ya ejenti kuti muchite ngati mukutapa ndalama. Pamenepo iye amakangolandira ndalama pamanja kwa ejentiyo, dzina lake osaoneka paliponse pa uthenga wanu. Ndipo palibe wogulitsa amene ali ndi chifukwa chofunsira PIN yanu kapena nambala yachinsinsi yomwe yabwera pafoni panu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri saberedwa kamodzi. Mukatumiza K140,000 ija, mawa lake mumalandira foni kwa wina wodzitcha kondakitala kapena wakampani yotumiza katundu, akuti phukusi lagwidwa parodibuloko, pakufunika K30,000 kuti lidutse. Poopa kutaya zoyambazo, munthu amawonjezera. Pempho lachiwiri lotere likabwera, musatumizenso kalikonse. Jambulani macheza onse asanawafufute, sungani uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, womwe uli ndi nambala ya malipirowo, ndipo imbirani kampani yanu ya foni nthawi yomweyo, chifukwa ndalama zikatapidwa kuzibweza kumavuta. Kenako pitani kupolisi ndi umboni wonsewo, ndipo lidandaulireninso tsambalo kwa eni Facebook kuti alitseke.